Kufupikitsa vidiyo ya mapemphero kapena maliro

Musanadule kalikonse, onerani vidiyo yonse, ngakhale ikhale ya maola awiri, ndi pepala m'manja, mukulemba nthawi ya malo oyenera kusunga, mwachitsanzo 00:42:10 mpaka 00:44:30 pa mbiri ya malemu. Kudula muli mkati moonera kumadya tsiku lonse chifukwa mumangobwerera m'mbuyo.

Podula tsatirani khutu osati maso. Dikirani wolalikira amalize chiganizo, kwaya imalize ndime, kenako siyani sekondi imodzi kapena awiri asanayambe ndi atamaliza. Mukadula pafupi kwambiri, liwu loyamba limadyeka, ndipo mumamva "buye" m'malo mwa "Ambuye". Pamene chithunzi chadumpha, phimbani ndi chithunzi cha anthu akumvetsera, mawu azipitirira.

Pa maliro, funsani aeni ake musanaike pamene anthu akulira kwambiri. Vidiyo yaitaliyo musaifufute, adzaifuna.