Kumanga yankho la funso la Chilembwe pa mayeso a History

Tengani funso lakale la MSCE lofunsa zifukwa zimene kuukira kwa John Chilembwe kwa mu 1915 kudalepherera. Musanalembe chilichonse, dulani mzere kunsi kwa mawu oti “zifukwa” ndi “kudalephera”. Ambiri amagwera pomwepa: amadzaza tsamba ndi mbiri ya Chilembwe, ulendo wake wa ku Amereka, kumanga PIM ku Mbombwe, wochonga n'kungosowa poika malikisi.

Mawu oyamba asapitirire ziganizo ziwiri: kuukirako kudayamba pa 23 Januwale 1915 ku Chiradzulu, ndipo kudatha m'masabata awiri. Basi.

Kenako chifukwa chilichonse chipatseni ndime yakeyake, mfundo poyamba, umboni pambuyo, pomaliza chiganizo chobwerera ku funso. Mwachitsanzo: oukirawo adalibe mfuti zokwanira. Gulu limene lidapita ku Mandala ku Blantyre kukalanda zida lidabwerako ndi mfuti zochepa, alonda atadzidzimuka. Choncho asilikali a boma atafika ku Mbombwe, anthu a Chilembwe sakadalimba nthawi yaitali. Chiganizo chachitatucho ndi chimene ambiri amachisiya, pomwe ndicho chikuyankha funso.

Ndime zinazo zitsate njira yomweyo: mafumu ambiri sadalowerepo, ndipo gulu la Filipo Chinyama ku Ntcheu lidabalalika lisanachite kanthu.

Mukatha, sinthani funsolo likhale la zoyambitsa kuukirako. Muona kuti za Mandala zagwa, m'malo mwake mwalowa thangata wa ku Magomero, msonkho wa nyumba ndi kulembedwa kwa Amalawi ku nkhondo ya 1914.