Kalata ya chimbudzi chowonongeka kwa landilodi

"Ndimachita lendi pa Ntcheu boma. Chimbudzi chamadzi chawonongeka, landilodi ndawauza kawiri koma zii. Kalata ndilembe bwanji?"

Musanagwire cholembera, pezani madeti enieni. Yang'anani mu foni mauthenga ndi masiku amene munawaimbira. Mukangolemba kuti "ndakhala ndikukuuzani", akhoza kukana, pomwe deti ndi lovuta kulikana.

Pamwamba ikani dzina, nambala ya nyumba ndi deti. Kenako tchulani chomwe chafa, osangoti chawonongeka. Mwachitsanzo:

"Bambo, pa 3 Malichi ndinakuimbirani foni kuti thanki ya chimbudzi siyikuleka kudontha. Pa 17 Malichi ndinakutumiziraninso uthenga ndi chithunzi. Mpaka lero pulambala sanabwere, tikuthira ndi ndowa, bilu ya madzi nayo yakwera. Chonde mutikonzere pofika pa 31 Malichi. Ngati zakuvutani, ndiloleni polemba ndiitane pulambala, ndalamayo tichotsere pa lendi."

Sainani makope awiri. Imodzi apatseni pamanja, inayo asainepo ndi kulembapo deti, muyisunge. Akakana kusaina, perekani pamaso pa mboni.

Musadule lendi panokha asanavomere polemba, chifukwa mlandu ungakutembenukireni. Podikira, tsekani mpopi wolowetsa madzi m'thankimo.