Chizindikiro cha ± musamachiike pa anthu amene munawatola pamsewu

Nyengo ino ndawerenga malipoti angapo a kafukufuku wa m'midzi, ofufuza mabanja amene anathira manyowa m'minda yawo, ndipo pafupifupi onse ali ndi vuto limodzi. Pamwamba alemba kuti anafunsa mabanja 200, amayi otsogolera banja 60 ndi abambo 140. Pansi pake alemba kuti mabanja 60 pa 100 alionse anathira manyowa, ±7, kutanthauza kuti yankho lenileni likhoza kukwera kapena kutsika ndi 7. Ndikafunsa kuti mabanja 200 amenewo anapezeka bwanji, amayankha kuti wofunsa aliyense anapatsidwa kota yake: kapeze amayi 6 ndi abambo 14, ukakwanitsa ubwerere. Ndikangomva zimenezi ndimadziwa kuti ±7 ameneyo ndi wongokongoletsera lipoti.

Chimene chimatisokoneza n'chakuti papepala njira ya kota ndi njira yogawa magulu n'kuchita maere zimafanana ngati mapasa. Tiyerekeze dera la mabanja 2,000, pomwe 600 amatsogoleredwa ndi amayi ndipo 1,400 ndi abambo. Wa kota ndi wogawa magulu n'kuchita maere, onse awiri adzatenga amayi 60 ndi abambo 140. Amasiyana pa funso limodzi: ndani akusankha khomo loti alowepo? Wa maere amakhala ndi mndandanda wa mabanja onse 600, amawapatsa manambala, n'kutola 60 mwamaere asanachoke mu ofesi, kenako amachita chimodzimodzi kwa abambo. Banja lililonse, kaya lili pafupi ndi chigayo kaya kuseri kwa phiri, limakhala ndi mwayi wa 1 pa 10, ndipo mwayiwo tikuudziwa. Wa kota amasankhira panjira. Amasankha iye mwini, kapena tinene kuti amasankhiridwa ndi njinga yake, matope, galu wolusa ndi dzuwa la masana.

Masamu amene timatulutsira ± ndi awa:

```
1.96 × √( p × (1 − p) / n )
```

Mukaika p = 0.6, gawo la mabanja othira manyowa, ndi n = 200, chiwerengero cha mabanja ofunsidwa, mupeza pafupifupi 0.068, ndiye ±7 uja. Kakyuleta sikana munthu, imangowerengera zimene mwaipatsa. Koma nambalayi tanthauzo lake ndi limodzi lokha. Ikutanthauza kuti mutabwereza maere omwewo kambirimbiri, pafupifupi maulendo 95 pa 100 yankho lenileni la dera lonse lidzagwera mkati mwa mpata umene mwawerengera. Imayeza kusinthasintha kobwera ndi maere basi. Ngati simunachite maere, mukubwereza chiyani? Mwayi umene gogo wa kutsidya kwa mtsinje anali nawo wofikiridwa palibe akuudziwa, ndipo m'mwezi wa mvula mwayiwo unali ziro. Masamuwa alibe malo oikamo ulesi kapena mantha a wofunsa.

Tiyeni tionere m'dera lathu longoyerekezali. Tinene kuti theka la mabanja lili pafupi ndi msewu, kumene alangizi timapitapita, ndipo kumeneko 70 pa 100 anathira manyowa. Theka linalo lili kutali, ndipo 30 pa 100 okha ndiwo anathira. Yankho lenileni la dera lonse ndi 50. Ofunsa a kota akwanitsa amayi ndi abambo awo bwinobwino, koma 150 awapeza pafupi ndi msewu, 50 kutali. Mwa 150 aja othira ndi 105, mwa 50 aja ndi 15, onse pamodzi 120, ndiye 60 pa 100. Lipoti likuti choona chili pakati pa 53 ndi 67, pomwe choona ndi 50, kunja kwa mpata wonsewo. Kota inaonetsetsa kuti amayi ndi abambo alipo mokwanira, koma inasiya chimene chimasiyanitsadi othira ndi osathira.

Ndiye pali ena amene amati, tiwonjezere chiwerengero. Mawu amenewa ndatopa nawo. Funsani mabanja 800 mwa njira yomweyo: mupezabe 60, mpata uchepa kufika ±3, ndipo lipoti linena kuti pakati pa 57 ndi 63. Mwawononga mafuta kanayi kuti mulakwitse molimba mtima. Kuchulukitsa ofunsidwa kumachepetsa kuphonya kwa maere, koma kupendekera mbali imodzi kumakhalabe komweko.

Mayi wina amene ndimacheza naye, nyumba yake ili pamphambano pafupi ndi msika, anandiseketsa mwezi watha. Anati, "Alangizi, kodi boma lonse likudziwa ine ndekha? Chaka chino abwera atatu ndi mapepala, onse kufunsa za manyowa. Achemwali anga kuseri kwa dambo chiyambire sanafunsidwepo ngakhale dzina." Ndinaseka naye, koma pobwerera ndinkaganiza kuti mayiyu ali m'malipoti atatu, kuimira amayi amene minda yawo sanaionepo. Ndipo iye ali ndi khola la mbuzi, manyowa sasowa. Ndondomeko ya chaka chamawa ikalembedwa kuchokera m'malipoti otere, maphunziro opanga manyowa adzachepetsedwa poganiza kuti anthu ambiri anayamba kale, ndipo woluza ndi wa kuseri kwa dambo uja.

Musaganize kuti ili ndi vuto la ife a m'midzi tokha. Mu 1948 ku America, makampani akuluakulu ofufuza maganizo a anthu, a Gallup, Crossley ndi Roper, ankagwiritsa ntchito kota, ndipo onse ananeneratu kuti Thomas Dewey agonjetsa Harry Truman pa chisankho cha pulezidenti. Anapambana ndi Truman. Kota zawo zinali zokonzedwa mosamala, za amuna ndi akazi, za zaka, za malo okhala, koma mkati mwa kotazo wofunsa ankasankha yekha, ndipo ofikirika mosavuta ankapendekera kwa Dewey. Panalinso vuto lina loti anasiya kufunsa masiku ovota asanayandikire, sindikubisa zimenezo. Chonsecho katswiri wa masamu Jerzy Neyman anali atalemba kale mu 1934 kuti kugawa magulu n'kuchita maere kumaposa kusankha mwadala, chifukwa ndi maere okha amene amalola kuwerengera kukula kwa kuphonya. Ife papita zaka zoposa 80 tikugawabe kota ngati tikugawa ya fodya.

Kota sindikuyiletseratu. Ndi yotchipa, ndi yachangu, ndipo ngati mukungofuna kumva madandaulo a alimi kapena kuyesa ngati mafunso anu akumveka, igwiritseni ntchito. Koma mulembe mu lipoti kuti anthu anasankhidwa ndi kota, mufotokoze kumene munawapeza, ndipo ± mumusiye.

Amene mukufuna ± weniweni, tengani kaundula wa mabanja kwa amfumu, mumuunike ngati ndi wa chaka chino. Gawani magulu potengera chimene chikukhudza yankho, monga apafupi ndi akutali ndi msewu, osati amayi ndi abambo okha. M'gulu lililonse chitani maere: timapepala m'chipewa tikwanira, kapena mu Excel lembani `=RAND()` pambali pa dzina lililonse, musanje manambalawo, mutenge apamwamba. Mukapeza pakhomo palibe munthu, mubwererenso kawiri kapena katatu pa nthawi zosiyana. Musalowe kwa oyandikana naye, chifukwa mukatero mwabwerera ku kota. Amene sanapezeke konse muwawerenge ndi kuwalemba mu lipoti. Ngati gulu lina munatengamo ochuluka kuposa gawo lake, yankho la gulu lililonse lichulukitsidwe ndi gawo la gululo m'dera lonse musanaphatikize.