Momwe mungapezere mpata wa zolosera pogwiritsa ntchito butisitirapu

Chaka china ndinapereka lipoti lolosera maoda a masabata 12 akutsogolo, ndipo mpata umene ndinajambula mozungulira nambala yolosera unali wofanana kuyambira sabata yoyamba mpaka yomaliza, mizere iwiri yowongoka ngati njanji. Mnzanga wina atangouona anandifunsa kuti, "Kodi mukutanthauza kuti za miyezi itatu ikubwerayi mukuzidziwa bwino chimodzimodzi ndi za sabata yamawa?" Ndinasowa chonena. Cholakwacho chinali pa mzere umodzi wokha wa pulogalamu, ndipo ndifika pamenepo, koma tiyambe ndi chifukwa chimene mpatawo uyenera kumatanuka.

Tiyerekeze kuti muli ndi manambala a maoda a masabata 104, ndipo sabata yathayi munatumiza makatoni 500. Njira yosavuta kuposa zonse ndi kunena kuti sabata yamawa idzafanana ndi ino. Mukayesa njirayi pa masabata akale, mupeza kuti nthawi zina inkaphonya ndi makatoni 12 pamwamba, nthawi zina 7 pansi. Kusiyana kumeneku pakati pa cholosera ndi chimene chinachitikadi ndikumene timati zotsalira, ndipo pa masabata 104 mupeza zotsalira 103. Tinene kuti mlingo wa kumwazikana kwake, uja timautcha sigima, ndi makatoni 10.

Polosera sabata yamawa muli ndi chinthu chimodzi chosadziwika. Polosera sabata yachinayi muli ndi zinayi, chifukwa sabata iliyonse imayambira pamene inzake yasiyira, ndipo kuphonya kwa sabata yoyamba kumalowa m'yachiwiri, kenako m'yachitatu. Koma musafulumire kunena kuti 10 kuchulukitsa ndi 4 ndi 40. Zophonyazi zina zimakwera zina zimatsika, choncho zimafafanizana pang'ono. Zimene zimaphatikizidwa ndi mavariyansi, kutanthauza sigima wochulukitsidwa ndi iye mwini: 100 kanayi ndi 400, ndipo sikweya ruti ya 400 ndi 20. Pa sabata ya 9 mlingowo ndi 30. Ngati zotsalira zili zomwazikana mofanana mbali zonse ngati belu, mpata wa 95 peresenti, umene nambala yeniyeni iyenera kugweramo maulendo 95 pa 100, umapezeka pochulukitsa mlingowo ndi 1.96. Ndiye sabata yoyamba ndi 480 mpaka 520, yachinayi 461 mpaka 539, ya 12 pafupifupi 432 mpaka 568.

Vuto n'lakuti zotsalira zenizeni kawirikawiri sizikhala belu looneka bwino. Maoda amatha kudumpha kwambiri sabata imodzi koma osagwa kwambiri choncho. Apa ndi pamene butisitirapu imathandiza. Njirayi anaifalitsa Bradley Efron mu 1979, ndipo ganizo lake ndi lakuti m'malo mongoganizira maonekedwe a zophonya, mugwiritse ntchito zophonya zanu zomwe.

Choyamba chotsani avereji ya zotsalira pa chotsalira chilichonse kuti avereji yake ikhale ziro, apo ayi mpata wonse udzapendekera mbali imodzi. Kenako ziikeni zonse 103 ngati timapepala m'thumba. Tolani kamodzi mosayang'ana, lembani nambala, kabwezereni m'thumba. Kubwezerako n'kofunika, kapepala komweko kakhoza kutulukanso.

Tsopano gawo limene linandigwetsa. Mwatola +12, ndiye sabata yoyamba ndi 512. Mwatolanso −7. Kodi 7 ameneyu mumuchotsa pa chiyani? Ine ndinkamuchotsa pa 500, n'kupeza 493. Kenako +3 pa 500 yemweyo, 503, kenako +15, 515. Sabata iliyonse inkabwerera pa 500 ngati kuti zam'mbuyo sizinachitike, choncho iliyonse inali ndi chophonya chimodzi chokha, ndipo n'chifukwa chake mpata sunkatanuka. Zoyenera n'zakuti 7 achoke pa 512, mupeze 505, kenako 508, kenako 523. Nambala yongoyerekezayo muitenge ngati yachitikadi, ndipo sabata yotsatira muilosere kuchokera pa iyo. Imeneyo ndi njira imodzi ya tsogolo. Mukufunika njira zotero 5,000. Mu pulogalamu ya Python iyi, `y` ndi manambala anu a masabata 104 aja.

```python
import numpy as np
rng = np.random.default_rng(1)
e = np.diff(y)
e = e - e.mean()
njira = y[-1] + rng.choice(e, size=(5000, 12)).cumsum(axis=1)
malire = np.percentile(njira, [2.5, 97.5], axis=0)
```

Mwaona `cumsum`? Ameneyo, wophatikiza zotsalira sabata ndi sabata, ndi amene ndinamuiwala. Pulogalamu sinadandaule, inatulutsa manambala ndi chithunzi chokongola ndithu. Chiyambire tsiku limenelo, ndisanatumize chilichonse ndimagawa kukula kwa mpata wa sabata yachinayi ndi kwa sabata yoyamba. Pa njira iyi yankho liyenera kuyandikira 2. Likakhala 1, ndadziwa kuti ndabwerezanso.

Dziwani kuti `cumsum` ndi chidule chimene chimagwira ntchito pa njira yosavutayi yokha. Ngati modelo yanu imati nambala imabwerera pang'onopang'ono ku avereji yake, monga `AR(1)` yokhala ndi `phi = 0.8`, muyenera kuyenda sabata ndi sabata: losera, onjezera chotsalira, bweza yankho mu modelo. Pamenepo mpata umatanukabe koma umafika poima, chifukwa chophonya chakale chimatsala ndi magawo 8 pa 10 a mphamvu yake sabata iliyonse. Mlingo umachoka pa 10 kufika 12.8 sabata yachiwiri, ndipo sudutsa 16.7 ngakhale mulosere chaka chonse. Choncho mpata wosiya kukula patsogolo si cholakwa nthawi zonse. Wokayikitsa ndi uja wosakula n'komwe kuyambira pachiyambi pa manambala amene sabata ino imadalira yathayi.

Pano ndichenjezeko. Pali anthu ogulitsa masipuredishiti olosera, okhala ndi mitundu yowala, amene mukatsegula mkati mumapeza kuti mpata wawo ndi 10 peresenti pamwamba ndi pansi basi, osakhudzana n'komwe ndi manambala anu. Musataye ndalama. Python ndi R n'zaulere, ndipo mu R, ndi phukusi la `forecast`, ntchito yonseyi ndi mzere umodzi pa modelo ya `ARIMA` imene mwaikonza kale n'kuitcha `fit`: `forecast(fit, h = 12, bootstrap = TRUE, npaths = 5000)`.

Kupeza malire n'kosavuta. Pa sabata iliyonse sanjani mayankho 5,000 kuyambira laling'ono, ndipo la nambala 125 kuchokera pansi ndi la 125 kuchokera pamwamba ndiwo malire a 95 peresenti. Mzere womaliza wa pulogalamu ija ukuchita zomwezo.

Mfundo zina zotsala ndizidutsa mwachangu. Kutola kapepala kamodzikamodzi kumafuna kuti zotsalira zisatsatane. Ngati zokwera zimabwera motsogozana, konzani modelo kapena tolani timagulu ta masabata oyandikana, ndipo `checkresiduals(fit)` ikuuzani ngati vutoli lilipo. Ndi zotsalira 103, malire a sabata yoyamba akutsamira pa timapepala tiwiri kapena titatu ta kumapeto, ndipo kuchulukitsa njira kufika 50,000 sikungasinthe zimenezo. Thumbalo silingatulutsenso chophonya cha sabata imodzi choposa chachikulu chimene munachionapo. Komanso mpatawu umatenga modelo ngati yolondola, choncho umakonda kuchepa kuposa mmene uyenera kukhalira. Bisani masabata omaliza, loserani ngati simukuwadziwa, bwerezani kuchokera pa masabata osiyanasiyana, muwerenge kangati nambala yeniyeni yagwera mkati. Mukapeza 80 pa 100 pamene munalonjeza 95, bwererani ku zotsalira.