Musanalembe kuti "tadzala mitengo 5,000", dziwani chimene mukuyeza

Nyengo yodzala mitengo m'Malawi muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Ikatha, makomiti a zachilengedwe m'midzi amatumiza malipoti, ndipo ambiri amangonena chiwerengero cha mbande zimene zadzalidwa. Chiwerengerocho n'chofunika, koma sichitiuza ngati mudzi wapindula. Mbande zikhoza kudzalidwa mu Januwale, pofika Okutobala chiswe, mbuzi ndi moto zitatha theka lake.

Vuto limayambira pa cholinga. Makomiti ambiri amalemba kuti "kubwezeretsa chilengedwe m'mudzi mwathu". Mawuwa ndi abwino, koma pakatha zaka ziwiri palibe angatsimikize kuti zatheka kapena zalephereka. Cholinga choyezeka chimanena chimene chisinthe, kuchuluka kwake, malo ake ndi nthawi yake. Tiyerekeze kuti mudzi wapatula mahekitala awiri a nkhalango. Mukadzala motalikanitsa mamita awiri mbali zonse, hekitala imodzi imalowa mbande 2,500, ndiye pafunika 5,000. Cholinga chilembedwe chonchi: "Mwa mbande 5,000 za kesha ndi mthethe zimene tidzale pa mahekitala awiri a nkhalango ya mudzi mu Januwale, zosachepera 3,500 zipezeke zamoyo mu Novembala wa chaka chomwecho." Aliyense wodziwa kuwerenga akhoza kupita kukaona yekha.

Tsopano tisiyanitse zinthu zitatu zimene zimasokonezedwa. Choyamba ndi zimene ntchito yatulutsa: nazale yakhazikitsidwa, machubu adzazidwa, anthu 40 aphunzitsidwa, mbande 5,000 zadzalidwa. Izi zili m'manja mwa komiti, ndipo mukhoza kuziwerenga tsiku lomwe ntchito yatha.

Chachiwiri ndi kusintha kumene kwabwera chifukwa cha zimenezo, ndipo apa m'pamene ndikufuna muikepo mtima. Kusinthaku komiti singakulamule yokha, chifukwa kumadalira zimene anthu ena achite. Kodi eni mbuzi akuzimangirira? Kodi anthu analambula mseu woteteza moto m'mbali mwa nkhalango udzu usanaume? Kodi ophunzitsidwa aja akupalira mbande? Yankho limaoneka pa mitengo imene yapulumuka. N'chifukwa chake timawerenga kumapeto kwa chilimwe, mvula isanagwe. Mukawerenga mu Malichi nthaka idakali yonyowa, pafupifupi mbande iliyonse imaoneka yobiriwira, ndipo lipoti lidzakunamizani.

Simufunika kuwerenga mitengo yonse. Sankhani mizere khumi yomwazikana m'nkhalango monse, kuphatikizapo kumtunda kouma ndi m'mphepete modutsa ziweto, osati pafupi ndi msewu pokha pamene alendo amaona. Pa mzere uliwonse yenderani mayenje 50, onse pamodzi akhale 500. Mukapeza yamoyo 320, ndiye kuti pa 100 iliyonse yapulumuka 64, kutanthauza mitengo pafupifupi 3,200. Mwaperewera ndi 300 pa cholinga chanu. Pa dzenje lililonse lopanda mtengo lembani chimene mwaona. Tsinde lodyedwa pansi limasonyeza chiswe, nsonga yoduka imasonyeza mbuzi, ndipo tsinde lakuda limasonyeza moto. Mukapeza kuti yambiri yatha ndi mbuzi, kugula mbande zina sikuthandiza kufikira nkhaniyo itapita kwa amfumu kuti pakhale lamulo la ziweto.

Chachitatu ndi phindu lokhalitsa pa moyo wa anthu, monga amayi kuleka kuyenda mtunda wautali kukafuna nkhuni, kapena nthaka kuleka kukokoloka kumunsi kwa phiri. Izi zimatenga zaka zingapo, chifukwa mitengo iyenera kukula kaye kuti anthu ayambe kudulako nkhuni. Kuti mudzathe kuziona, yezani lero musanadzale. Funsani mabanja 30 kuti pa sabata amapita kangati kunkhuni ndipo ulendo umodzi umatenga maola angati, musunge mayankhowo m'kaundula wa komiti. Pakatha zaka zisanu mudzafunsenso mabanja omwewo, m'mwezi womwewo.

Chenjerani podzitengera ulemu wa phindu limeneli. Ngati m'zaka zimenezo mabanja ambiri ayamba kuphikira pa chitetezo mbaula, maulendo akunkhuni adzachepa ngakhale nkhalango yanu itapanda kukula bwino. Choncho pofunsa onjezani funso lakuti nkhuni za sabata ino zachokera kuti, ndiponso akuphikira pa chiyani.

Mukakayika kuti chinthu china muchiike pati, dzifunseni kuti ndani wachichita. Ngati ndi komiti ndi ndalama za polojekiti, ndi chimene ntchito yatulutsa. Ngati ndi anthu a m'mudzi amene asintha machitidwe awo paokha, ndi kusintha. Polemba lipoti la ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi ya VDC kapena kwa alangizi a zankhalango, ikani mbande zodzalidwa ndi mitengo yamoyo m'madanga awiri osiyana, lililonse ndi tsiku limene munawerenga.