Momwe mungayezere kulimba kwa madzi a pamjigo ndi EDTA, ndi kuwerenga mtundu wake osadzinamiza

Madzi amene sopo sachita nawo thovu msanga, amene amasiya zoyera zokakamira pansi pa ketulo, ndiwo timati olimba. Chimawalimbitsa ndi kashiyamu ndi maginiziyamu wosungunukamo kuchokera m'miyala ya pansi, n'chifukwa chake madzi a pamjigo nthawi zambiri amalimba kuposa a mvula. Kuyeza kwake n'kosavuta. Mumadonthezera mankhwala otchedwa EDTA m'madziwo, iye amagwira zitsulo ziwirizi chimodzi ndi chimodzi ngati nkhanu, ndipo zikagwidwa zonse mtundu wa madzi umasintha kuchoka kofiira kupita kwa buluu. Ntchito yonse yagona pa kusintha kumeneko, ndipo anthu ambiri amalakwitsira pomwepo.

Pakufunika byureti ya 50 mL, pipeti ya 25 mL ndi ina ya 10 mL, fulasiki ya 250 mL, sikelo yowerenga mpaka 0.001 g, ndi madzi otchezedwa okwanira. Pa madzi otchezedwawa chenjerani. Ambiri amathamangira madzi a batire a m'mabotolo chifukwa ndi otchipa, koma ena mwa mabotolowo amangodzazidwa pampopi. Tengani 50 mL ya madziwo, thiranimo bafa, mankhwala oletsa pH kusintha, ndi EBT, utoto wa Eriochrome Black T umene umafiira ukakumana ndi zitsulo zija, monga tifotokozera m'munsimu. Akakhala enieni amatuluka buluu pomwepo kapena ndi dontho limodzi kapena awiri a EDTA. Akafiira n'kukhalabe ofiira, abwezeni.

EDTA wake ndi wa mchere wa sodiyamu, Na2EDTA·2H2O. Sungunulani 3.723 g m'madzi otchezedwa mpaka akwane lita imodzi, ndiye kuti mwapanga 0.01 M. Pa mphamvu imeneyi 1 mL ya EDTA imagwira pafupifupi 1 mg ya CaCO3, mchere wa kashiyamu umene timawerengera nawo kulimba kwa madzi, ndipo n'chifukwa chake aliyense amakonda 0.01 M: masamu ake sazunguza mutu. Musungeni m'botolo la pulasitiki, chifukwa galasi wamba limatulutsa tizitsulo tomwe timamufooketsa pang'onopang'ono.

Bafa ndi amene amagwira pH pa 10. Sungunulani 16.9 g ya NH4Cl mu 143 mL ya amoniya wamphamvu. Pambali sungunulani 1.179 g ya EDTA yemweyo ndi 0.780 g ya MgSO4·7H2O mu 50 mL ya madzi, phatikizani ziwirizi, n'kuwonjezera madzi mpaka 250 mL. Chitirani pamalo popita mphepo, amoniya amatsamwitsa ndi kuliza misozi. Gawo la maginiziyamuli anthu amakonda kulidumpha poganiza kuti n'lokongoletsa chabe, koma ayi. EBT amagwirana bwino ndi maginiziyamu, pomwe ndi kashiyamu amagwirana mofooka, ndiye madzi akakhala a kashiyamu yekhayekha mtundu umasintha mozengereza, simudziwa pomwe mwafikira. Popeza maginiziyamu wa m'bafayu walowa ali kale ndi EDTA wake wofanana naye, sawonjezera kanthu pa chiwerengero chanu. Bafayu musapange wambiri, wa mwezi umodzi basi, ndipo botolo lizikhala lotseka zolimba.

EBT musamusungunule m'madzi kapena m'sipiliti n'kumusunga nthawi yaitali, amaonongeka. Perani 0.5 g ya EBT pamodzi ndi 100 g ya NaCl, mukhale ndi ufa wouma womwe umatha miyezi. Kabotolo kakang'ono ka EBT n'kodula, komabe kamakwanira zaka, ndiye palibe chifukwa chogulira wa m'kapepala kopanda dzina kapena tsiku, amene ogulitsa ena amatapa m'botolo lomwe linatha kale nthawi.

Musanakhudze madzi a pamjigo, yezani kaye mphamvu yeniyeni ya EDTA wanu. Sungunulani 1.000 g ya CaCO3 youma ndi HCl wosungunula theka ndi theka, pang'onopang'ono mpaka ufa wonse uthe, onjezerani madzi ngati 200 mL, wiritsani mphindi zingapo kuti mpweya uchoke, ziziritsani, chotsani ukali wa asidi wotsala ndi amoniya pang'ono, n'kudzaza mpaka lita imodzi. Mu 1 mL iliyonse muli 1 mg ya CaCO3. Tengani 10 mL, donthezerani EDTA monga muchitira ndi madzi a pamjigo m'munsimu. Tiyerekeze kuti pafunika 10.20 mL: mphamvu ya EDTA wanu ndi 10 kugawa ndi 10.20, yomwe ndi 0.980. Nambala imeneyi ilembeni pabotolo.

Tsopano madzi a pamjigo. Jigani kaye mphindi zingapo kuti madzi ogona m'mapaipi achoke, tsukuzani botolo ndi madzi omwewo katatu, n'kudzaza. Mu labu, ikani 25 mL m'fulasiki, onjezerani madzi otchezedwa 25 mL, kenako 1 mpaka 2 mL ya bafa, n'kutapa ufa wa EBT pang'ono chabe, pansonga ya sipachula. Madzi afiire ngati madzi a chidede osungunula, oti mukhoza kuona mopyoza. Ambiri amathira wochuluka kuti mtundu uoneke bwino, ndipo amapeza zosiyana ndi zomwe amafuna: madzi amada bii, kufiira ndi buluu sizisiyanitsikanso.

Apa ndiye tikhalitsepo. Mukayamba kudontheza, kwa nthawi yaitali palibe chisintha. EDTA amayamba wagwira kashiyamu, kenako maginiziyamu woyandama, ndipo nthawi yonseyo EBT amakhala atakumbatirabe maginiziyamu wake, n'chifukwa chake madzi amakhalabe ofiira. Zoyandama zikatha, m'pamene EDTA amayamba kulanda maginiziyamu kwa EBT, ndipo EBT wolandidwayo ndi wa buluu. Chizindikiro choyamba ndi kabuluu kooneka pomwe dontho lagwera, n'kuzimirira mukazunguza fulasiki. Posachedwa madzi onse amasanduka pepo. Pepoyo si mapeto. Ndi kusakanikirana kwa EBT womasuka ndi EBT amene akadali ndi maginiziyamu, ndiye ntchito ikadalipo. Diso lomwe layang'ana kufiira kwa mphindi ziwiri limauona pepo ngati buluu, ndipo munthu amatseka byureti ali wokhutira. Mapeto enieni ndi buluu weniweni, wopanda kufiirira kulikonse ngakhale mutapendeketsa fulasiki n'kuyang'ana m'mbali mwake momwe madzi ndi opyapyala.

Pepo akangooneka, siyani kutsanulira. Dontho limodzi, zunguzani, dikirani masekondi 3 mpaka 5, kenako lina. Kulanda kwa EDTA sikuchitika nthawi yomweyo, ndipo madzi akakhala ozizira, monga ochokera m'firiji kapena m'mawa wa mu Juni, kumachedwa kwambiri. Mukafulumira mudzapitirira, ndipo kupitirira sikuoneka, chifukwa buluu ndi buluu basi kaya mwaonjeza dontho limodzi kaya khumi. Madzi ozizira asiyeni afunde kaye afanane ndi mpweya wa m'chipinda.

Njira imene imathandiza koposa zonse ndi iyi: fulasiki yoyamba ipitirizeni dala ndi EDTA woonjezera mpaka ikhale buluu wosakayikitsa, muiike pambali pa pepala loyera. Zotsatirazo muzizifanizira ndi imeneyo, osati ndi zomwe mukukumbukira m'mutu. Gwirani ntchito pafupi ndi zenera kapena pansi pa nyale yoyera. Babu lachikasu limapatsa buluu kufiirira komwe kulibe, ndiye mumangoonjeza madontho kuthamangitsa mtundu umene sudzachoka.

Komanso musachedwe mopitirira. Kuyambira pomwe mwathira bafa, malizani mphindi 5 zisanathe. Pa pH 10 kashiyamu wa m'madzi olimba kwambiri amayamba kugwa ngati CaCO3, madzi amachita mbuu pang'ono, ndipo zotsatira zimatsika. Chizindikiro chake n'chakuti mwafika pa buluu bwinobwino, mwatembenuka kukalemba, pobwerako madzi abwerera ku pepo chifukwa zomwe zinagwa zija zikusungunukanso. Pothana nazo, thirani EDTA wambiri, ngati magawo 9 mwa 10 a zomwe fulasiki yoyamba inafuna, musanathire bafa ndi EBT, kenako malizani madontho otsalawo. Ngati byureti ikutsika kupitirira 15 mL, chepetsani madzi oyezawo akhale 10 mL.

Nthawi zina buluu safika n'komwe. Madzi amangoima pa pepo wakuda kapena mtundu wotuwa, ngakhale mutathira EDTA wochuluka bwanji. Choyamba nunkhizani bafa patali ndi kuyeza pH ya m'fulasiki ndi kapepala, chifukwa bafa wokhalitsa amataya amoniya ndipo pH ikatsika pansi pa 10 maginiziyamu sagwidwa mokwanira. Ngati madziwo anasungidwa ndi asidi, bafa wa 2 mL sangakwanitse, chotsani kaye asidiyo ndi NaOH. Bafa akakhala bwino, yesani EBT pa madzi otchezedwa: wosatha mphamvu amapereka buluu wowala. Zonsezi zikakhala bwino, ganizirani chitsulo cha ayironi. Mijigo yambiri imatulutsa madzi omwe amasiya dzimbiri m'ndowa, ndipo chitsulo, monganso kopa, chimamata EBT mwamphamvu moti EDTA salanda msanga. Chitsulo chikakhala chochepa, mamililita angapo a tirayethanolamini wosungunula, othiridwa bafa asanalowe, amachiphimba. Mabuku akale amatchula sayanayidi pa ntchito yomweyi. Ndi poizoni wakupha, ndipo akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wakupha, m'labu ya sukulu kapena ya pa boma musamuyerekeze.

Masamu tsopano. Tiyerekeze kuti mafulasiki atatu apereka 6.90, 6.85 ndi 6.95 mL, pakati pake ndi 6.90. Madzi otchezedwa okha anafuna 0.10 mL, tichotse, patsala 6.80.

```
mg/L CaCO3 = (A × B × 1000) / V
(6.80 × 0.980 × 1000) / 25 = 267
```

A ndi EDTA wogwiritsidwa ntchito, B ndi mphamvu yake ija, V ndi madzi a pamjigo omwe munapima, 25 mL, osawerengera otchezedwa oonjezera aja. Pa 25 mL dontho limodzi, lomwe ndi ngati 0.05 mL, limaimira pafupifupi 2 mg/L, ndiye amene waima pa pepo madontho 6 asanakwane wataya 12 mg/L. Mafulasiki akasiyana kuposa 0.1 mL, bwerezani. Kagawidwe kodziwika kamati mpaka 60 mg/L ndi madzi ofewa, 61 mpaka 120 apakati, 121 mpaka 180 olimba, kupitirira 180 olimba kwambiri, ndiye 267 yathuyi ndi ya madzi odya sopo ndi kutseka ketulo.

Mukafuna kashiyamu payekha, tengani madzi ena, thirani NaOH m'malo mwa bafa kuti pH ifike 12 mpaka 13, maginiziyamu agwe, m'malo mwa EBT gwiritsani ntchito myurekisayidi yemwe amachoka pa pinki kupita pa pepo, n'kudontheza mwachangu. Chotsani zotsatirazo pa 267, chotsalacho ndi cha maginiziyamu. Byureti itsukeni ndi madzi otchezedwa tsiku lomwelo, chifukwa EDTA akaumira kunsonga amatseka kabowo.