Ndinafunsa anthu 100, ansala yake inali yosadalirika

Saveyi yanga yoyamba ndinangofunsa mpaka kupeza mayankho a anthu 100 basi, poti nambala yake imaoneka yabwino. Ndimafuna kudziwa kuti pa gulu la anthu 2,000 ndi angati amagwiritsa ntchito foni ya intaneti. Anthu 48 anati eya, koma nditawerengera bwinobwino ndinapeza kuti kuphonya kwake kukhoza kufika mapointi 10 uku ndi uku, ndiye kuti zoona zili penapake pakati pa 38 ndi 58 peresenti, aaa nambala yotere ungapange nayo chani?

Vuto linali loti ndinayambira kumapeto. Umayenera uyambe wasankha kuphonya komwe ungalolere, kenako sampulo, nambala ya anthu ofunika kuwafunsa, yomwe ndi n mu fomulayi, ikutuluka yokha:

```
n = z² × p(1 − p) / e²
```

Ine ndinasankha mapointi 5, ndiye e, kuphonya kuja, ndi 0.05 osati 5 chonde, ndipo z ndi 1.96 ukafuna chitsimikizo cha 95 peresenti. Pa p, gawo la anthu amene ukuyembekeza kuti anena eya, ndinaika 0.5 chifukwa ndi pomwe sampulo imatuluka yaikulu kwambiri, ukaika imeneyo sungaperewere. Zinabwera 384.16, ndinakweza kukhala 385, osatsitsa ayi. Ndinayesako mapointi 3, zinadumpha mpaka 1,068, ndinabwerera msangamsanga.

Poti gulu langa ndi laling'ono ndinachepetsako ndi 385 / (1 + 384/2000), kupeza 323. Komanso ulendo woyamba munthu mmodzi pa asanu alionse sanayankhe, ndiye ndinagawa 323 ndi 0.8 nkusankha mayina 404 mwamaere pa mndandanda wonse, poti fomulayi sigwira ukamangofunsa amene wakumana nawo panjira.